Zolemba mufayilo ya wodwala maganizo

"Azakhali, mawa ndikuyamba ku wodi ya odwala maganizo, ndipo atiuza kuti tizilemba momwe wodwala akumvera mumtima ndi momwe akuchitira. Ndilembe bwanji kuti ndisamunyoze, komanso ndisabise zoona?"

Mwana wanga, mufayilo uzilemba zimene maso ako aona ndi zimene makutu ako amva, pamodzi ndi nthawi yake, koma usamupatse munthuyo dzina. Kuno ku Johannesburg mafayilo timalemba m'Chingerezi, komabe ndilongosola m'Chichewa chifukwa cholakwikacho chimayambira m'mutu mwa wolemba chisanafike papepala.

Ndikuuze za bambo wina wa kwathu, ndipo zina ndazisintha kuti asadziwike. Anabwera naye mchimwene wake usiku, ndipo pakalata imene inachokera kolandirira odwala panalembedwa mawu awiri okha: wolusa, wovuta. Aliyense wowerenga kalatayo ankamuyandikira mwamantha, mlonda ali pambali. Nditakhala naye pansi n'kumulankhula m'Chichewa, zinadziwika kuti namwino anamugwira mkono mwadzidzidzi kuti amuyeze kuthamanga kwa magazi, akumulankhula m'Chizulu chimene iye samachimva, ndiye anakankha dzanjalo. Ine ndinalemba chonchi: "Nthawi ya 21:40 anakankha dzanja la namwino kamodzi pamene amafuna kumuyeza, palibe anavulala, atafotokozeredwa m'chilankhulo chake anavomera kuyezedwa." Kukankhako sindinabise, koma wobwera m'mawa akudziwa tsopano chimene chinayambitsa ndi chimene chinathandiza, pomwe mawu oti wolusa sakanamuuza chilichonse chochita.

Pa za mumtima pali zinthu ziwiri zimene ophunzira amakonda kuzisakaniza. Choyamba ndi chimene wodwala akunena yekha ukamufunsa kuti, "Masiku ano mukumva bwanji mumtima?" Yankho lake ulilembe momwe walinenera, m'mawu ake enieni. Bambo uja anati, "Mtima wanga wangoti zii, ndatopa ndi moyo wa kuno," ndipo ndinalemba momwemo m'Chichewa, tanthauzo lake pambali, kenako n'kusonyeza kuti anamasulira ndine. Chachiwiri ndi chimene iwe ukuona: nkhope ikusintha kapena yangokhala chimodzimodzi, mawu ndi otsika kapena othamanga, akulira kapena ayi, ndiponso ngati zimenezi zikugwirizana ndi nkhani imene akukamba. Munthu akamaseka pofotokoza maliro a mwana wake, usalembe kuti ndi wachilendo kapena alibe chisoni. Lemba kuti anaseka kawiri pofotokoza za malirowo. Kutanthauzira kubwera pambuyo, gulu lonse likaunika.

Samala kwambiri ndi za maso. Kwathu munthu woleredwa bwino sayang'anitsa dokotala kumaso, ndiye ukangolemba kuti akuzemba maso, wowerenga angaganize kuti ndi chizindikiro cha matenda. Ine ndimalemba kuti ankayang'ana pansi polankhula ndi ogwira ntchito, koma ankayang'anana bwinobwino ndi mchimwene wake. N'chimodzimodzi akanena za ufiti kapena za mizimu ya makolo: lemba mawu ake, ufunse achibale ngati zimenezi ndi zomwe ankakhulupirira kale kapena zayamba posachedwa, ndipo usonyeze kuti wakuuza ndani.

Mawu ena amene amandiwawa ndi oti "wokana mankhwala". Bambo yemweyo anakana mapiritsi tsiku lachiwiri, ndipo nditamufunsa chifukwa anandionetsa khosi lake litauma, mutu utapindikira mbali imodzi. Zimenezi zimachitika ndi mankhwala a haloperidolo, makamaka masiku oyambirira, ndipo zimafunika dokotala msanga. Ukalemba kuti wakana basi, vutolo palibe alione. Ukalemba chifukwa chimene wanena ndi zomwe waona pakhosipo, dokotala amamupatsa mankhwala omasula minofu n'kuunikanso mlingo.

Usaganize kuti kulemba mwaulemu ndi kufewetsa zoopsa. Popeza anati watopa ndi moyo, ndinamufunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, ngati wakonza njira, ndiponso ngati anayesapo kale. Kufunsa chonchi sikumupatsa munthu maganizowo. Mayankho ake uwalembe ndendende, usawonjezere kuti akungofuna chisoni cha anthu, ndipo udziwitse sisitala woyang'anira nthawi yomweyo, n'kulembanso nthawi imene wamudziwitsa.

Kumbukiranso kuti pansi pa lamulo la South Africa la chisamaliro cha matenda a maganizo la 2002, munthu wogonekedwa popanda chilolezo chake amaunikidwa kwa maola 72, ndipo zolemba za anamwino pa maola amenewo zimawerengedwa posankha ngati atuluke kapena apitirize kusungidwa. Bambo uja anatuluka maolawo atakwana, n'kumabwera kudzaonedwa kuchokera kunyumba. Mawa ukalemba lipoti lako loyamba, uliwerenge ngati kuti mwini wakeyo waima pambali pako akuwerenga nawe, ndipo liwu lililonse limene sungathe kuloza chimene unaona kuti ulilembe, ulichotse usanasainire.