Ana 900 mwa ana angati?

"Amalume, ndikulemba lipoti la katemera wa chikuku. Chipatala china chabaya ana 900 chaka chino, china 300 okha. Ndingolemba kuti cha 900 ndiye chachita bwino eti? Abwana akuti ayi, koma sanafotokoze."

Eya mphwanga, ndamva. Usatumize kaye lipotilo, abwana akowo akunena zoona. Uwafunse a chipatala choyambacho kuti ana 900 amenewo ndi mwa ana angati. Popanda nambala ya pansi, ndiye kuti ya ana onse oyenera kubayidwa, 900 ikungotiuza kuti anamwino anatopa kubaya, basi.

Tiyerekeze, manambala awa ndikungopeka kuti umve. Tinene kuti m'dera la chipatala choyamba muli ana 1,500 oyenera kubayidwa chaka chino, m'dera la chachiwiri muli 330. Ugawe 900 ndi 1,500, uchulukitse ndi 100, upeza 60 peresenti. Ugawe 300 ndi 330, upeza pafupifupi 91. Waona? Tsopano uwerenge otsala. Koyamba kuja atsala ana 600 osabayidwa, kwinaku 30 okha. Ndipo chikuku sichichedwa kufala, pamafunika kuti ana pafupifupi 95 pa 100 alionse akhale otetezedwa kuti chisayende. Ndiye mliri ukabuka, uyambira kumene iwe umafuna kukuyamikira kuja.

Koma pamene ambiri amapunthwa ndi posankha nambala ya pansiyo. Iyenera kukhala ya ana omwewo amene katemerayo anawakonzera. Wa BCG, woteteza ku TB, amabaya mwana akangobadwa, ndiye pansi timaika ana onse obadwa amoyo. Wa chikuku woyamba amabaya mwana atakulako, m'mayiko ambiri pa miyezi 9, ndiye pansi timaika ana obadwa amoyo, titachotsapo amene amamwalira asanathe chaka. Usaikepo ana onse osakwana zaka zisanu, chifukwa peresenti itsika kwambiri ngati anthu sanagwire ntchito. Ndipo chonde, usaikepo ana amene anabwera kusikelo. Nanga si obwerawo pafupifupi onse amabayidwa? Upeza 98 kapena 100, aliyense n'kuwomba m'manja, pamene ana amene tikuwafuna ndi aja sanafike n'komwe kuchipatala.

Nthawinso igwirizane, pamwamba ndi pansi. Ngati lipoti lili la miyezi itatu, tageti ya chaka uigawe panayi. Pa 1,500 paja upeza 375. Akakhala kuti abaya ana 225 m'miyezi itatuyo, 225 mwa 375 ndi 60 peresenti. Ukaiwala n'kugawa ndi 1,500 yonse, ulemba 15, ofesi yonse n'kudzidzimuka pachabe.

Tsono apa umvetsere bwino, chifukwa ngakhale 91 uja sindikumukhulupirira msanga. Nambala ya pansi nthawi zambiri sichokera poti wina anawerenga ana khomo ndi khomo chaka chino, ayi. Amatenga za kalembera, mwina wa zaka zingapo zapitazo, n'kuwonjezera mongoyerekeza mmene anthu akuchulukira. Pa dziko lonse zimayandikirako, koma pa dera la chipatala chimodzi zimatha kuphonya kwambiri, chifukwa anthu amasamuka, komanso amayi amapita kumene kuli pafupi kapena kumene amawalandira bwino, osati kumene mapu akunena. Ndiye mwina mwa ana 300 aja, 60 ndi ochokera m'dera la chipatala china. Ukawachotsa atsala 240 mwa 330, ndiye kuti 73 peresenti yokha. Anawo kwawo akuoneka ngati sanabayidwe, pamene kuno akweza nambala ya eni ake.

Chizindikiro chake chosabisika ndi peresenti yopitirira 100. Ukaona 115, usasangalale, komanso usaidule mwakachetechete kuti ikhale 100. Palibe amene angabaye ana ochuluka kuposa amene alipo. Mwina tageti ndi yochepa, mwina mwalowa ana akunja kwa dera, kapena wina anaphatikiza ana opitirira chaka, ngakhalenso katemera wachiwiri, pa mzere wa woyamba. Utsegule kaundula, uone zaka za ana ndi kumene akuchokera. Uonenso kuti chipatala chomwecho chinabaya ana angati Penta woyamba, katemera woteteza ku matenda asanu uja. Ngati amenewo akhala akuposa tageti chaka ndi chaka, ukayikire tagetiyo.

M'lipotimo ulembe zonse zitatu pamodzi: obayidwa, oyenera kubayidwa, ndi peresenti, kenaka mzere umodzi wonena kumene nambala ya pansi yachokera ndi chaka chake. Otsala aja uwalembenso ngati nambala, chifukwa okonza maulendo opita kumidzi amafuna kudziwa kuti akukafuna ana 600 kapena 30. Ukapeza matageti enieni a zipatala ziwirizo unditumizire kumbali, tiwerengere limodzi usanapereke kwa abwana.