Chingwe cha hadidiraivi chakana kulowa pa foni? Chonde musachipale

"Zikomo akulu. Ndagula hadidiraivi ya ekisiteno yoti ndizisungamo zithunzi za kuntchito. Mutu umodzi wa chingwe chake ndi wotambalala, ngati wagawika pawiri. Ndimati ndizichigwiritsanso ntchito pa foni yanga koma chakana kulowa, chonsecho wogulitsa anati ndi micro USB. Mnzanga akuti tingochipala mbali imodzi. Kodi anandipatsa chingwe cholakwika?"

Achimwene, chingwecho n'cholondola, ndipo wogulitsayo sananame, kungoti sanamalize kufotokoza. Koma poyamba penipeni, mnzanuyo muuzeni abweze tupa m'bokosi.

Tengani mutu wotambalalawo muuyang'ane pafupi, pamalo owala. Muona kuti ndi mitu iwiri yogundana m'chitsulo chimodzi, pakati pake pali kamphako. Mbali yokulirapo ili ndi makona awiri opendekeka, ndipo ndi yofanana ndendende ndi mutu wa chaja cha foni chomwe mumachidziwa kale. Mkati mwake muli timapini tisanu: kamodzi konyamula mphamvu ya mavolti 5, kena kobwezera mphamvuyo, tiwiri todutsa mafayilo, ndi kachisanu kouza chipangizo ngati ndicho chikulamulira kapena chikulamulidwa. Umenewo ndiye Micro-B wa USB 2.0, amene anabwera mu 2007. Mbali yocheperayo ilinso ndi timapini tina tisanu, ndipo ntchito yake ndi liwiro basi: tiwiri totumiza, tiwiri tolandira, kamodzi koteteza mawayawo kuti magetsi asamasokoneze uthenga. Onse pamodzi ndi timapini 10, ndipo dzina lake pa paketi limalembedwa kuti USB 3.0 Micro-B.

Mutu wa foni ndi wotambalala pafupifupi mamilimita 7. Wa hadidiraivi ukupitirira pang'ono mamilimita 12. Bowo la pa foni yanu linapangidwa kuti lilandire 7 okhawo, ndiye mbali yachiwiriyo ikugunda pa thupi la foni. Palibe mbali yoti mukautembenuzira ulowe.

Mwina mungadabwe kuti bwanji mutu winawo, waukulu wamakona anayi wopita ku laputopu, umalowa pa kompyuta iliyonse, yakale ndi yatsopano yomwe, pamene nawonso ndi USB 3.0. Yankho lake ndi malo. Pamene USB 3.0 inkatuluka mu 2008, inkafunika timapini tisanu tatsopano kumitu yonse iwiri. Mutu waukuluwo unali ndi malo otsala mkati, ndiye timapini tatsopanoto anatibisa kumbuyo, kuseri kwa tinayi takale, maonekedwe akunja osasintha. Suzumirani mkati mwake, pa kalilime kabuluu kaja, muona tinayi kutsogolo ndi tisanu mkati mwenimweni. Mu Micro-B munalibe malo otero. Timapini take n'tothinana kale, kuchokera pa kena kufika pa kanzake ndi mamilimita 0.65 okha, ndipo mutu wonsewo kuchindikala kwake sikufika mamilimita 2. Zinali ngati nyumba ya pa puloti yoti kumbuyo kwatha: chipinda chatsopano anachimanga m'mbali.

Ena amaunyoza mutu umenewu kuti ndi wonyansa, ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Amene anaupanga anasunga chinthu chofunika kwambiri: chingwe chaching'ono chimalowa m'bowo lalikulu. Chachikulu m'bowo laling'ono ndiye ayi, ndipo sizinalinganizidwe kuti zitero. Tanthauzo lake n'lakuti tsiku limene chingwe cha hadidiraivi chasowa, mutha kutenga chingwe wamba cha foni cha micro USB n'kuchilowetsa ku mbali yokulirapo ya bowo la hadidiraivi, ija ya makona opendekeka. Mbali inayo ikhala yopanda kanthu ndipo palibe chowonongeka. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, amangoiika hadidiraivi m'dirowa miyezi n'kumati yafa.

Koma chingwe cha foni chili ndi malire ake, ndipo apa m'pamene ndikufuna tichedwepo. Choyamba ndi liwiro. USB 2.0 pa pepala imati mamegabiti 480 pa sekondi, koma mukamakopera zenizeni mumaona pakati pa 30 ndi 40 MB/s pa sikirini, kutanthauza mamegabayiti pa sekondi. USB 3.0 imafika magigabiti 5 pa sekondi, kupitirira kutali liwiro la mbale yozungulira mkati mwa hadidiraivi, imene nthawi zambiri imatha 100 MB/s kapena kuposerapo pang'ono pa mafayilo akuluakulu. Tiyerekeze kuti muli ndi zithunzi ndi mavidiyo a ukwati okwana magigabayiti 100. Pa chingwe chake chenicheni, pa 110 MB/s, ntchitoyo itha m'mphindi pafupifupi 15. Pa chingwe cha foni, pa 35 MB/s, mudikira mphindi pafupifupi 48. Ngati ndi timafayilo tambirimbiri ting'onoting'ono, nthawi zonse ziwirizi zitalika, chifukwa apo chochedwetsa chimakhala mbaleyo osati chingwe.

Chachiwiri ndi mphamvu, ndipo ichi ndicho chimapha mafayilo a anthu. Bowo la USB 2.0 pa kompyuta limalonjeza mamiliampu 500, la USB 3.0 limalonjeza 900. Hadidiraivi yoyenda nayo ilibe chaja chakechake, imadalira chingwe chomwecho, ndipo nthawi imene imakoka mphamvu yochuluka ndi pamene injini yake ikuyamba kuzungulitsa mbale, pomwe imatha kufuna pafupifupi ampu imodzi kwa kanthawi. Zingwe zotchipa za foni zili ndi mawaya owonda, ndiye mavolti amatsika asanafike ku hadidiraivi, makamaka chingwe chikakhala chachitali. Mumva kuti "tiki, tiki, tiki", kanyali kayaka, mbale ikuyesa kunyamuka n'kuzimanso. Kapena iwoneka pa kompyuta, muyamba kukopera, pakatikati n'kuzimiririka. Mukamva kulira kumeneko zulani, osaisiya ikulimbana. Kuzima pamene ikulemba ndiko kumabweretsa uthenga uja woti diraivi ikufunika kufomatidwa, ndipo mukaona uthengawo musavomere msanga, chifukwa mafayilo kawirikawiri amakhala akadalimo.

Palinso zingwe zongotchajira, zomwe zimabwera ndi matochi, timawayilesi ndi mapawabanki. Zambiri mwa izo zili ndi mawaya awiri okha a mphamvu. Hadidiraivi izungulira bwinobwino, kanyali kayaka, koma kompyuta siiona ngakhale pang'ono. Kunja simungazisiyanitse ndi zinzake. Yesani chingwecho pa foni: ngati kompyuta ikuona mafayilo a m'foni, ndiye kuti mawaya a uthenga alimo.

Tibwerere kwa mnzanu wa tupa uja. N'zoona kuti mbali yokulirapoyo payokha ndi Micro-B wathunthu, ndiye maganizo ake sanachokere patali. Vuto ndi lakuti chitsulo chokuta mbali ziwirizo n'chimodzi. Mukadula mbali ina, yotsalayo imapindika, siigwiranso bwino m'bowo, ndipo tizidutswa tachitsulo timatha kugunditsa kapini ka mavolti 5 ndi kanzake. Zikatero mwaika foni pa ngozi, komanso mwawononga chingwe chokhacho chimene chimapatsa hadidiraivi liwiro lake, pofuna kupeza chinthu chimene chimagulitsidwa pa tebulo lililonse la zamafoni mumsika. Ndikunena mosabisa kuti amisiri amene amalangiza zopala mitu ya zingwe sayenera kupatsidwa chipangizo chokhala ndi ntchito ya munthu mkati.

Mafoni ochepa analipo amene anali ndi bowo lotambalalali, monga Samsung Galaxy Note 3 ya mu 2013 ndi Galaxy S5 ya mu 2014. Pa amenewo chingwe chanucho chimalowa. Sizinapite patali, chifukwa mu 2014 momwemo kunatuluka USB-C, ya timapini 24, yolowa mbali iliyonse, ndipo mafoni anakhamukira kumeneko. Mahadidiraivi ambiri anakakamira Micro-B wotambalala, poti mbale yozungulira sifika n'komwe pa liwiro limene mutuwo umatha.

Ngati cholinga ndi kuona mafayilo a hadidiraivi pa foni

Apa ngakhale mutuwo ukanalowa sizikanathandiza, chifukwa mutu wa Micro-B umapita ku chipangizo cholamulidwa, ndipo hadidiraivi ikuufuna mutu womwewo. Chimene mukufuna ndi ka adaputa kolembedwa OTG, kokhala ndi mutu wa foni mbali ina ndi bowo lalikulu la USB mbali inayo. Mkati mwake kapini kachisanu kaja kanalumikizidwa ndi kobwezera mphamvu, ndipo foni ikaona zimenezo imadziwa kuti iyo ndiyo ikulamulira, n'kuyamba kutulutsa mavolti 5. Mutu wotambalala ukhale pa hadidiraivi, waukuluwo ulowe mu adaputa. Foniyo ikhale yoti imalola OTG, chifukwa si onse. Ndipo mafoni ambiri sakwanitsa kuzungulitsa mbale, ndiye pakati pamafunika habu, kabokosi ka mabowo angapo a USB, yokhala ndi chaja chake. Mahadidiraivi ambiri amabweranso ali pa NTFS, njira ya Windows yosanjira mafayilo, imene mafoni ena saiwerenga popanda apu yapadera. Fulashi ndiye yosavuta pa ntchito imeneyi.

Mukagula chingwe china cha hadidiraivi, sankhani chachifupi, cha theka la mita kapena kucheperapo, chonenepa, cholembedwa USB 3.0 A to Micro-B, kapena USB-C to Micro-B ngati laputopu yanu ili ndi mabowo atsopano okhaokha. Muchilowetse pa bowo labuluu kapena lolembedwa SS. Mukaona liwiro likungokhala cha m'ma 30 MB/s chonsecho zonse ndi za USB 3.0, zulani mutu waukuluwo n'kuulowetsanso kamodzin'kamodzi mpaka mkati. Mukaulowetsa pang'onopang'ono, timapini tinayi takutsogolo timagunda poyamba, kompyuta n'kugamula kuti ichi ndi chipangizo cha USB 2.0 tisanu takumbuyo tisanafike. Pa Linux mutha kutsimikiza polemba izi:

```
lsusb -t
```

Kumapeto kwa mzere wa hadidiraivi kukalembedwa 480M ndiye kuti ikuyenda pa liwiro lakale, kukalembedwa 5000M zili bwino.

Bowo la pa hadidiraivi nalo mulisamale, chifukwa limangomatidwa ndi mtovu pamwamba pa kabolodi kopyapyala. Musaiike m'chikwama chingwe chili cholowetsa, ndipo pozula muzikoka molunjika, osagwedeza cham'mbali. Chizindikiro choti layamba kusiya n'chakuti mukangokhudza chingwe, diraivi imazimiririka pa kompyuta n'kubweranso. Yesani kaye chingwe china, ndipo zikapitirira koperani mafayilo anu tsiku lomwelo. Mahadidiraivi ena mukatsegula bokosi mumapeza diraivi wamba ya SATA yoti mutha kuisamutsira m'bokosi lina, koma ena, monga ambiri a WD My Passport, bowo la USB linamatidwa pa bolodi ya diraivi yeniyeniyo, ndiye likathyoka pamafunika mmisiri wodziwa kuwotcherera timapini tonse 10.