Kakalata ka pa LinkedIn ndi "odi", si kalata yofunsira ntchito

"Ndamaliza chaka chino maphunziro a ulimi wothirira ku Bunda. Mwezi watha mayi ena anadzatiyankhula za mthirira wa mpunga ku Bwanje, ndipo ndawapeza pa LinkedIn. Ndikufuna ntchito, koma ndikuopa kuoneka wopemphetsa. Ndilembe chiyani?"

Achemwali, munthu akafika pamudzi pa eni sayambira kupempha mbewu ali pachipata. Amayamba waodira, n'kunena kuti ndi mwana wa ndani, eni khomo n'kumuyalira mphasa. Kakalata kotsagana ndi pempho lolumikizana ntchito yake ndi yomweyo basi, yoti mayiwo akuzindikireni. Nkhani ya ntchito isalowemo.

Malo ake ndi ochepa zedi. Pa akaunti yaulere mumapatsidwa zilembo 200, olipira Premium amapatsidwa 300, ndipo mipata ya pakati pa mawu imawerengedwanso. Mukayamba ndi "Muli bwanji, ndikhulupirira kuti kunyumba konse ali bwino", mwadya kale gawo lalikulu musananene kanthu. Ndikudziwa kuti kwa ife kudumpha malonje kumamveka ngati mwano, koma apa ulemu wanu uonekera pa kusawatayitsa nthawi. Dzina lanunso musalilembe, likuoneka kale pamwamba pa pempholo pamodzi ndi chithunzi chanu. Ine ndikadalemba chonchi, dzina lawo litatsatira mawu oti Mayi:

"Mayi, ndinamva nkhani yanu ya mthirira wa mpunga ku Bwanje pa msonkhano wa ku Bunda mwezi watha. Ndangomaliza kumene maphunziro a ulimi wothirira ndipo ndikufuna kumatsatira ntchito yanu."

Kakukwana m'zilembo 200. Chiganizo choyamba ndiye mwini nkhani, chifukwa simungachitumize kwa munthu wina aliyense kupatula iwowo. Muyeso wake ndi umenewo: ngati kakalata kanu mungakatumize kwa anthu makumi asanu osasinthamo liwu, woŵerenga adziwa msanga kuti n'kogawira aliyense. Ngati iwo amalemba m'Chingerezi pa tsamba lawo, inunso lembani m'Chingerezi, kamangidwe kake n'komweka.

Samalani potumiza. Pa kompyuta mukadina Connect pamabwera Add a note, ndiye mumalemba pamenepo. Pa foni batani lomwelo nthawi zina limangotumiza pempho lopanda mawu. Tsegulani kaye tsamba lawo, dinani timadontho titatu, musankhe Personalize invite. Ine zinandichitikirapo, pempho linapita lili mbee kwa munthu amene ndinamukonzera mawu tsiku lonse, ndipo ukalibweza umadikira pafupifupi masabata atatu kuti utumizenso kwa munthu yemweyo. Timakalata totere pa akaunti yaulere timakhalanso towerengeka pamwezi, choncho tisungireni anthu ngati mayi amenewa. Musamangotumiza mapempho kwa aliyense: wokana ali ndi mwayi wodina I don't know this person, ndipo oterowo akachuluka akaunti yanu ikhoza kuikidwa malire.

Akavomera, apa ndi pamene ambiri amagwa. Uthenga woyamba umakhala "Moni" yekha, kapena mbiri ya moyo wonse ndi mapepala a sukulu atamatidwa pansi. "Moni" amasiyira mayiwo ntchito yofunsa chimene mukufuna. Mapepala osapemphedwa amawakakamiza kukana, pakuti mwina alibe n'komwe mphamvu yolemba anthu ntchito, ndipo munthu amene akuona kuti akana amasankha kungokhala chete. Apatseni funso limodzi loti angayankhe pa foni ali m'galimoto:

"Zikomo kwambiri pondilandira, Mayi. Tsiku lija munati vuto lalikulu m'masikimu ndi kagawidwe ka madzi pakati pa alimi. Kwa munthu wongoyamba ngati ine, ndiyambe n'kuphunzira chiyani: kuyeza madzi m'ngalande kapena kugwira ntchito ndi makomiti a alimi? Ngakhale mawu awiri andithandiza."

M'malo mwa zimene ndaika m'kamwa mwawozo, ikanimo zimene ananenadi, musawapekere. Uthengawu ukuonetsa kuti munamvetsera, ndipo wanena kale kuti ndinu wongoyamba. Munthu wamkulu safuna kuuzidwa kuti womaliza kumene sukulu akusaka ntchito, amadziwa yekha.

Akapanda kuyankha, dikirani sabata imodzi kapena awiri, mulembenso kamodzi kokha, mzere umodzi wokumbutsa funso lija. Akakhalabe chete asiyeni, muzingowerenga zimene amalemba. Akayankha, chitani zimene anenazo, kenaka mubwerere kudzawauza: "Ndinapita ku sikimu ya kwathu monga munanenera, ndinaona zakuti." Pa uthenga umenewo ndi pamene mungafunse ngati akudziwa malo amene amatenga ophunzira ntchito, ndiponso ngati angalole kuti muwatumizire mapepala anu.