Chiwonkhetso cha kumanzere, cha kumanja ndi cha pakati: chopitirira ndi chiti, choperewera ndi chiti?

«Ndine wophunzira wa chaka choyamba, ndimakhala ku Chikanda kuno ku Zomba. Ndikapatsidwa fankishoni ndimatha kuwerengera L, R ndi M popanda vuto, koma akandifunsa kuti chiti chapitirira yankho lenileni ndipo chiti chaperewera, ndimangolota. Ndimaganiza kuti fankishoni ikamakwera ndiye kuti M nayonso imaperewera ngati L. Kodi pali njira yodziwira popanda kuloweza?»

Achimwene, njira ilipo, ndipo imayamba ndi kulekanitsa mafunso awiri amene mwawaphatikiza. L ndi R zimayendera kukwera kapena kutsika kwa fankishoni, pamene M sisamala za kukwerako ngakhale pang'ono, koma imayendera mbali imene girafu yapindikira. Choncho fankishoni ziwiri zikhoza kukhala zokwera zonse, L n'kuperewera pa zonse ziwiri, koma M n'kuperewera pa ina ndi kupitirira pa inzake.

Tigwirizane kaye za zizindikiro. Tikufuna eliya ya pansi pa girafu ya f kuchokera pa x = a kufika pa x = b. Timagawa mtundawo m'zigawo n zofanana, chilichonse cha mulifupi h = (b − a)/n, ndipo pa chigawo chilichonse timaimika rekitango. Kusiyana kwa njira zitatuzi kuli pa malo amene timatengapo msinkhu wa rekitangoyo basi: L imatenga mtengo wa f kumalire a kumanzere a chigawo, R kumalire a kumanja, ndipo M pakati penipeni. Zonsezi zimatchedwa ndi dzina la Bernhard Riemann, katswiri wa masamu wa ku Jeremani, amene m'chaka cha 1854 anagwiritsa ntchito ziwonkhetso za mtundu umenewu pofotokoza tanthauzo la intigiralo.

Za L ndi R n'zosavuta. Ngati f ikukwera, mtengo wake wotsikitsitsa pa chigawo chilichonse uli kumanzere, kotero denga la rekitango ya L limakhudza girafu pa ngodya imodzi yokha ndipo kwina konseko limakhala pansi pake. Rekitango iliyonse imasiya kampata kosawerengedwa, ndipo L imaperewera. Rekitango ya R imatenga mtengo wokwera kuposa yonse, denga lake limadutsa pamwamba pa girafu, ndipo R imapitirira. Ngati f ikutsika, zinthu zimangotembenuka: L imapitirira, R imaperewera. Onani kuti pa kulingalira konseku sitinafunse ngati mzerewo ndi wowongoka kapena wokhota.

Tiyese ndi f(x) = x² kuchokera pa 0 kufika pa 2, ndi zigawo 4, kotero h = 0.5. Mitengo ya f pa 0, 0.5, 1, 1.5 ndi 2 ndi 0, 0.25, 1, 2.25 ndi 4. Pa L timasiya womaliza, ndipo pa R timasiya woyamba:

L = 0.5 × (0 + 0.25 + 1 + 2.25) = 1.75
R = 0.5 × (0.25 + 1 + 2.25 + 4) = 3.75

Yankho lenileni ndi 8/3, pafupifupi 2.667, ndipo lagonadi pakati pa ziwirizi. Pali kanthu kena kamene ndimakonda kuti ophunzira akaone, chifukwa kamathandiza kugwira zolakwa pa mayeso. Mitengo itatu ya m'kati imapezeka mu L ndi mu R momwe, choncho mukachotsa, imafafanizika, n'kutsala R − L = h × (f(b) − f(a)), zomwe pano ndi 0.5 × 4 = 2. Ngati kusiyana kwa R ndi L zanu sikukufanana ndi nambala imeneyi, mwaphonya penapake powonkhetsa. Komanso pa fankishoni yokwera kapena yotsika, kukula kwa kusiyana kumeneku ndiko malire a kulakwa kwa L kapena R, ndipo mukawirikiza n kawiri malirewo amatsika ndi theka.

Tsopano M, pamene pali nkhani yeniyeni. Pa fankishoni yokwera, rekitango ya M imachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: pa theka la kumanzere la chigawo denga lake lili pamwamba pa girafu, ndipo pa theka la kumanja lili pansi pake. Ili ndi kachidutswa kowonjezera ndi kachidutswa kosowa, ndipo kudziwa kuti f ikukwera sikukuuzani kuti kakakulu ndi kati. Ngati girafu ndi mzere wowongoka, tizidutswa tiwiriti ndi timatirayango tofanana ndendende, timathana, ndipo M imapereka yankho lenileni ngakhale mzerewo utakwera motani. Apa mpamene munthu amazindikira kuti kulakwa kwa M kumabadwa ndi kukhota kokha.

Njira yoonera izi bwino ndi iyi. Jambulani chigawo chimodzi chokha ndi rekitango yake ya M. Gwirani denga la rekitangoyo pakati, pamene likukumana ndi girafu, ndipo mulipendeketse pang'onopang'ono, mbali ina ikukwera ina ikutsika, mpaka ligone pa tanjenti ya girafu pa malo amenewo. Eliya imene mwawonjezera mbali imodzi ndi yofanana ndi imene mwachotsa mbali inayo, choncho eliya ya pansi pa dengalo sinasinthe. Zimenezi zikutanthauza kuti M ndi eliya ya pansi pa tanjenti, ndipo funso lasanduka lophweka: kodi tanjenti ili pansi pa girafu kapena pamwamba pake?

Girafu yopindikira m'mwamba, imene ili ndi f''(x) > 0, ili ngati mbale yokhazikidwa bwino patebulo. Ndodo yowongoka yoikhudza kunja imakhala pansi pake, choncho M imaperewera. Girafu yopindikira pansi, ya f''(x) < 0, ili ngati mbale yomweyo itavindikiridwa. Ndodo ija imagona pamwamba, ndipo M imapitirira. Chenjerani kuti buku likangonena kuti fankishoni ndi ya konkevu osawonjezera kanthu, kawirikawiri likunena yachiwiriyi, yopindikira pansi. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti muzilemba chizindikiro cha f'' pambali pa funso musanayankhe.

Pa x² yathu ija, f'' ndi 2, choncho tikuyembekezera kuti M iperewere. Malo a pakati ndi 0.25, 0.75, 1.25 ndi 1.75, ndipo

M = 0.5 × (0.0625 + 0.5625 + 1.5625 + 3.0625) = 2.625

imene yachepadi ndi pafupifupi 0.042 poyerekeza ndi 2.667. Mwina chitsanzo chonga ichi ndi chimene chinakupatsani ganizo lanu lija, pakuti pano fankishoni ikukwera ndipo L ndi M zaperewera limodzi. Koma zaperewera pa zifukwa zosiyana, ndipo chitsanzo chachiwiri chikuonetsa zimenezi poyera.

Tengani f(x) = √x kuchokera pa 0 kufika pa 4, ndi zigawo 4, h = 1. Iyinso ikukwera, koma kukwera kwake kukuchepa mphamvu, ndiye kuti yapindikira pansi. Mitengo pa 0, 1, 2, 3 ndi 4 ndi 0, 1, 1.414, 1.732 ndi 2, kotero L = 4.146 ndipo R = 6.146. Pa 0.5, 1.5, 2.5 ndi 3.5 mitengo ndi 0.707, 1.225, 1.581 ndi 1.871, ndipo M = 5.384. Yankho lenileni ndi 16/3, pafupifupi 5.333. L yaperewera monga kale, R yapitirira monga kale, koma M tsopano yapitirira. Kukwera sikunasinthe, chasintha ndi mbali yopindikira.

Cholakwa chotembenuka nachonso chimachitika kwambiri, choti munthu aone girafu yopindikira pansi n'kufuna kuweruza L ndi R ndi kupindikako. Onani f(x) = x(4 − x) kuchokera pa 0 kufika pa 4 ndi h = 1. Yapindikira pansi ponseponse chifukwa f'' = −2, koma imakwera mpaka pa x = 2 kenako n'kutsika. Mitengo yake ndi 0, 3, 4, 3 ndi 0, choncho L = 10 ndipo R = 10, pamene yankho lenileni ndi 32/3, pafupifupi 10.667. Zonse ziwiri zaperewera, ndipo mawu amene ambiri amawaloweza oti yankho limakhala pakati pa L ndi R agwa, chifukwa amagwira ntchito pokhapokha f ikakhala yokwera yokhayokha kapena yotsika yokhayokha pa mtunda wonse. Lamulo la M lokha ndilo likadali chilili: M = 1.75 + 3.75 + 3.75 + 1.75 = 11, yopitirira monga tinayembekezera. Chimodzimodzinso, ngati f'' isintha chizindikiro pakati pa a ndi b, lamulo la M silinena kanthu za mtunda wonse, ndipo muyenera kudula pa malo osinthirawo n'kuweruza mbali iliyonse payokha.

Ngati mukufuna manambala awiri otsekera yankho la girafu yokhota, mnzake wa M si L kapena R ayi, koma ndi T, chiwonkhetso cha matirapiziyamu, chimene chimapezeka ndi T = (L + R)/2. Denga la T ndi mzere wolumikiza malo awiri a pa girafu amene ali kumalire a chigawo, ndipo mzere wotere umagwa mbali yotsutsana ndi ya tanjenti, choncho pamene M yaperewera T imapitirira. Pa x² tapeza T = 2.75, yopitirira ndi 0.083, kutanthauza kuti kulakwa kwa M ndi theka la kulakwa kwa T. Ambiri amadabwa nazo, poganiza kuti denga lopendekeka liyenera kuposa lathyathyathya, koma tanjenti ija yaonetsa kale kuti denga la M ndi lopendekeka mobisika. Malire a kulakwa kwa M ndi K(b − a)³/(24n²), pamene K ndi nambala imene kukula kwa f'' sikuiposa. Pa x² izi zikupereka 2 × 8/(24 × 16), ndiye 0.042 yomwe ija. Popeza n ali ndi mphamvu ya 2, kuwirikiza zigawo kawiri kumatsitsa malirewo kukhala gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa √x fomula imeneyi sithandiza, chifukwa f'' imakula mopanda malire pafupi ndi 0, ngakhale kuti lamulo loti M imapitirira likugwirabe.

Pomaliza, funso likhoza kubwera ngati tebulo lopanda fomula, mwachitsanzo malita a madzi odutsa pa malo ena mumtsinje wa Mulunguzi pa sekondi, oyezedwa ola lililonse mvula ikugwa paphiri. Tiyerekeze kuti manambala ake ndi 10, 18, 24, 28 ndi 30. Akukwera, choncho L iperewera ndipo R ipitirira. Kusiyana kwa oyandikana ndi 8, 6, 4 ndi 2, kumene kukuchepa, ndipo chimenecho ndi chizindikiro cha kupindikira pansi, kotero M ipitirira. Koma kuti mupeze M muyenera kutenga zigawo za maola awiri, n'kugwiritsa ntchito 18 ndi 28 ngati mitengo ya pakati, pakuti pakati pa zigawo za ola limodzi simunayezepo. Kumbukiraninso kusandutsa maola kukhala masekondi musanachulukitse, komanso kulemba kuti chiweruzo chanu chikudalira ganizo loti madziwo sanasinthe khalidwe pakati pa miyeso iwiri, chifukwa tebulo palokha silingatsimikize zimenezo.