Mabuloko kapena njerwa zootcha?

"Ndikufuna kumanga nyumba ya zipinda ziwiri, mamita 7 kwa 9. Mmisiri akuti ndigule mabuloko, achimwene akuti njerwa zootcha ndiye zolimba. Nditsate ziti?"

Bambo, tiyambe ndi kuwerengera. Zipupa zakunja za nyumba yanuyo zikuzungulira mamita 32. Zikatalika mamita 2.7, n'kuchotsako malo a zitseko ndi mawindo, mutsala ndi masikweya mita pafupifupi 74. Mabuloko a mainchesi 6 amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, ndiye mufunika 925 kapena kuposerapo pang'ono. Khoma la njerwa zogundiza ziwiri limadya njerwa pafupifupi 100 pa sikweya mita, kutanthauza 7,400, osawerengera zosweka potsitsa. Choncho mtengo wa buloko imodzi muuyerekeze ndi wa njerwa 8, osati imodzi.

Komanso njerwa zoumba pamanja sizifanana kukula. Mmisiri amabisa kusiyanako ndi matope ochindikala, pulasitala naye amanenepa, simenti n'kumatha mosadziwika. Apa buloko imapambana.

Koma buloko yoipa ndi yoipa kuposa njerwa yoipa. Thumba la simenti la makilogalamu 50 liyenera kutulutsa mabuloko 30 mpaka 35. Woumba wofuna phindu amalikoka kufika 50, ndipo buloko yotere imayoyoka mukaikanda ndi msomali. Ikwezeni kufika m'chiuno, muigwetse pa nthaka youma: ikaphwanyika, musagule. Funsaninso tsiku limene inaumbidwa. Imafunika kuthiriridwa masiku 7, kenako n'kudikira kuti ikwane masiku 28. Simenti imafupika ikamauma, ndiye buloko yaiwisi ikamangidwa imakafupikira m'khoma, ming'alu n'kutulukira m'makona a mawindo, mwina mutapaka kale penti. Pa chifukwa chomwechi buloko sainyowetsa pomanga, pomwe njerwa amayamba ainyowetsa kuti isamwe madzi a m'matope. Amisiri ozolowera njerwa amaiwala zimenezi kawirikawiri, muziwayang'anira. Auzeninso aike waya wolimbitsa khoma wotchedwa burikifosi pa mzere wachiwiri kapena wachitatu uliwonse, ndipo mabuloko a m'maziko adzazidwe konkire m'mabowo.

Njerwa yakupsa bwino imalira ngati chitsulo mukaigunda ndi inzake. Za m'mphepete mwa uvuni sizipsa mokwanira, zimalira mogontha, ndipo mukaviika imodzi m'ndowa usiku wonse imafewa. Ogulitsa amazisakaniza ndi zabwino, choncho khalanipo pokweza.

Lamulo la 2018 loletsa njerwa zootcha linalunjika pa zomanga za boma, mabungwe ndi zamalonda, koma funsanibe ku khonsolo ngati puloti yanu ili m'tauni.

Ine ndingasankhe mabuloko ngati muumbitsa nokha pamalopo, mukuwerenga matumba ndi maso anu. Ngati mudzakhala kutali, ndipo uvuni wabwino uli pafupi moti thilansipoti sidula, mverani achimwene anu.