Thiransifoma Yotchipa Ndi Yodula: Muziyerekeza Bwanji Musanalipire?

"Tili ndi fakitale yaing'ono yoyenga mafuta a mpendadzuwa ndipo tikugula thiransifoma yathuyathu ya 315 kVA, ya 11 kV kupita ku 400 V. Makotesheni abwera awiri. Yoyamba ndi K42,000,000, papepala palembedwa P0 770 W ndi Pk 5,000 W. Yachiwiri ndi K53,000,000, P0 360 W ndi Pk 2,800 W. Makina amayenda maola 10 patsiku, masiku 6 pasabata. Anzanga akuti titenge yotchipayo poti zonse zimatulutsa magetsi omwewo. K11,000,000 yapamwambayo ingabwereredi?"

Bambo, musanagwire kakyuleta pitani kaye mukaone pomwe mita ya ESCOM idzakhale. Ikakhala kumbali ya 11 kV, magetsi onse amene thiransifoma imadya yokha adutsa pa mita yanu ndipo mulipira ndinu. Ikakhala kumbali ya 400 V, mita siona zotayikazo, ndiye muwerenge mgwirizano wanu bwinobwino kuti muone ngati pali chowonjezera pa bilu cholipirira zimenezo. Masamu onse ali m'munsimu ndi a munthu amene akulipira yekha zotayikazo.

Manambala awiri aja ali ndi khalidwe losiyana kwambiri, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. P0 ndi mphamvu yotayika m'chitsulo chapakati chimene makoilo amazungulira. Thiransifoma ikangolumikizidwa ku laini, chitsulocho chimayamba kudya, kaya makina akuyenda kaya fakitale yatsekedwa Lamulungu. Chaka chili ndi maola 8,760, ndipo P0 imadya onsewo. Pk ndi mphamvu yotayika chifukwa cha kutentha kwa mawaya a m'makoilo, ndipo nambala yapapepalayo ndi ya thiransifoma yosenza katundu wake wonse. Katundu akachepa, Pk imatsika mofulumira kuposa katunduyo, chifukwa imatsatira karenti yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Pa theka la katundu simutaya theka la Pk, mumataya gawo limodzi mwa anayi.

Choncho tiyenera kudziwa kuti thiransifomayo idzasenza zochuluka bwanji. Simunanene, ndiye ndiika zongoyerekeza, inu mudzasinthe ndi zenizeni. Thiransifoma ya 315 kVA pa 400 V imadzaza pa maampu pafupifupi 455 pa fezi iliyonse. Tinene kuti makina onse akamayenda mukukoka maampu 318, amene ndi 70 peresenti, ndipo usiku magetsi a alonda ndi mafiriji akukoka 10 peresenti. Muyeze maampu kapena kVA, osati kW, pakuti waya amatenthedwa ndi karenti yonse yodutsamo, ngakhale ija ya mamota yosagwira ntchito yooneka. Maola 10 kwa masiku 6 kwa masabata 52 ndi maola 3,120. Otsala ndi 5,640.

```
0.70 x 0.70 x 3120 = 1529
0.10 x 0.10 x 5640 =   56
H = 1529 + 56      = 1585
```

Tanthauzo la H ndi lakuti pachaka makoilo amataya ngati asenza katundu wonse kwa maola 1,585. Pano anthu ambiri amagwa m'mbuna. Amatenga avereji ya katundu wa chaka chonse, amene pano ndi 31 peresenti, kenako n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe. Akatero amapeza maola pafupifupi 860 okha, kungopitirira pang'ono theka la enieniwo, ndipo thiransifoma yotchipa imaoneka yabwino kuposa mmene ilili. Nthawi iliyonse muichulukitse payokha kaye, kuphatikiza kubwere pambuyo.

Tsopano mayunitsi a pachaka. Yotchipa: 0.77 kW kwa maola 8,760 ndi mayunitsi 6,745, ndipo 5 kW kwa maola 1,585 ndi 7,925. Pamodzi 14,670. Yodula: 0.36 kW ikupereka 3,154, ndipo 2.8 kW ikupereka 4,438. Pamodzi 7,592. Kusiyana ndi mayunitsi 7,078 chaka chilichonse. Ndiika K300 pa yunitsi ngati chitsanzo chabe, inu mutenge mtengo umene uli pa bilu yanu. Pa mtengo umenewu, yotchipa imakudyerani pafupifupi K2,123,000 pachaka kuposa inzake.

Mwina mwayamba kale kuchulukitsa ndi zaka 20 n'kupeza K42,000,000 ndi kanthu. Dikirani. K2,123,000 imene mudzapulumutse chaka cha 15 siyofanana ndi K2,123,000 imene ili m'manja lero, pakuti ya leroyo mukhoza kugulira mpendadzuwa n'kupindula nayo. Ndalama zam'tsogolo ziyenera kubwezedwa pa mtengo wa lero, ndipo timatero ndi nambala imodzi yochulukitsira, F, imene imadalira zaka, n, ndi chiwongoladzanja, r.

```
F = (1 - (1 + r)^-n) / r
=PV(10%,20,-1)
```

Mzere wachiwiriwo mukaulemba mu Excel ukupatsani 8.514. Ndiye kuti K1 yolipidwa chaka ndi chaka kwa zaka 20, pa 10 peresenti, ndi yofanana ndi K8.51 ya lero. Ndasankha zaka 20 mwadala. Thiransifoma yosamalidwa bwino imapyola pamenepo, koma zaka zakutalizo zimawonjezera pang'ono: zaka 30 zimapereka 9.43 basi.

Nambalayi ikapezeka, wati iliyonse yotayika timaipatsa mtengo wake, ngati ndi katundu amene mukugula limodzi ndi thiransifoma.

```
A   = 8760 x 300 x 8.514 / 1000 = 22375
B   = 1585 x 300 x 8.514 / 1000 =  4048
TOC = C + A x P0 + B x Pk
```

A ndi makwacha pa wati imodzi ya P0, B ndi makwacha pa wati imodzi ya Pk, C ndi mtengo wogulira, ndipo TOC ndi mtengo wonse wokhala ndi thiransifomayo. Taonani kuti pa fakitale yanu wati imodzi ya m'chitsulo ndi yodula koposa kasanu poyerekeza ndi ya m'makoilo. Yotchipa ija: K42,000,000 kuphatikiza K17,230,000 ya chitsulo ndi K20,240,000 ya makoilo, zonse pafupifupi K79,470,000. Yodula: K53,000,000 kuphatikiza K8,060,000 ndi K11,330,000, zonse pafupifupi K72,390,000. Yodulayo ikupambana ndi K7,000,000 ndi kanthu, mutalipira kale K11,000,000 yapamwamba ija. Mukawerenga mwachidule ndalamayo imabwerera patangopitirira zaka 5, koma mukawerengera chiwongoladzanja imabwerera m'chaka chachisanu ndi chitatu.

Pa manambala amenewa ine ndingatenge yodulayo. Koma yankholi laima pa mwendo umodzi, umene ndi chiwongoladzanja, ndipo apa ndipofunika kukhazikika. Mukasintha 10 peresenti kukhala 20, F imatsika kufika pa 4.87, ndalama zopulumutsidwa zimakhala pafupifupi K10,340,000, ndipo yotchipa imapambana pang'ono. Wina adzakuuzani kuti ngongole ya kubanki kwathu kuno ndi yodula, ndiye muike chiwongoladzanja cha kubankicho. Vuto lake ndi lakuti akatero amasiya mtengo wa yunitsi uli pa K300 kwa zaka 20 zonse, ngati kuti MERA sidzavomerezanso kukweza magetsi. Chiwongoladzanja cha kubanki chimakhala ndi kukwera mitengo kwa zinthu mkati mwake. Mukachigwiritsa ntchito, mtengo wa magetsi nawo muukweze chaka ndi chaka. Mukasiya magetsi pa mtengo wa lero, muchotsenso kukwera mitengoko pa chiwongoladzanja. Mwachitsanzo, ngongole itakhala ya 30 peresenti ndipo magetsi akukwera ndi 20 peresenti pachaka, mugawe 1.30 ndi 1.20, mupeza 1.083. Chiwongoladzanja choyenera kulowa m'masamu ndi 8.3 peresenti, osati 30. Kusakaniza ziwirizi ndi kumene kumagulitsa mathiransifoma otayataya ambiri.

Kagwiridwe ka ntchito nako kamasintha chithunzi. Ngati mpendadzuwa umakukwanirani miyezi 4 yokha, maola ogwira ntchito ndi 1,040 ndipo H imatsika kufika pa 587. Pamenepo mumapulumutsa mayunitsi pafupifupi 4,880 pachaka, ndiye kuti K12,470,000 pa mtengo wa lero. Yodula ikupambanabe, koma movutikira, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a phindulo akuchokera ku P0. Fakitale yotere isamavutike kulipira makoilo onenepa, ifunefune chitsulo chabwino. Kuzimazima kwa magetsi kumachepetsanso maola: laini ikafa thiransifoma sidya kanthu, ndipo ngati jenereta yanu imalowa kumbali ya 400 V thiransifoma italekanitsidwa, maola amenewo muwachotse pa 8,760 komanso pa 3,120. Ngati bilu yanu ili ndi gawo la kVA yapamwamba ya pamwezi, pali kena kowonjezera kumbali ya yodula, popeza pa 70 peresenti yotchipa imataya 3.22 kW pomwe inayo imataya 1.73 kW. N'kochepa, koma kumabwera mwezi ndi mwezi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si masamu koma pepala la kotesheni. Manambala aja ndi lonjezo la wogulitsa, sanayezedwe pa thiransifoma yanu. Muyezo wa IEC 60076 umalola P0 kapena Pk kupyola lonjezo ndi 15 peresenti, bola zonse pamodzi zisapyole ndi 10 peresenti. Ndiye kuti 360 W ikhoza kufika pa 414 W wogulitsa osalakwa, ndipo mawati 54 amenewo ndi K1,200,000 yanu. Funsani setifiketi ya mayeso a kufakitale, ndipo nambala ya pa setifiketiyo ifanane ndi yodindidwa pa chikwangwani cha thiransifoma. Onaninso kuti Pk ya makotesheni onse awiri yawerengedwa pa madigiri 75, pakuti waya wozizira amataya zochepa ndipo nambala yoyezedwa pa makoilo ozizira imanyenga. Thiransifoma yakale yokulungidwanso makoilo isayerekezedwe ndi manambala a pa chikwangwani chake choyambirira, iyezedwe mwatsopano. Kulemera kwake nako kumaulula: kuti zotayika zichepe pamafunika waya wonenepa ndi chitsulo chabwino kapena chochulukirapo, ndiye ngati yodulayo ndi yopepuka kuposa yotchipa ndipo zonse ndi za kopa, funsani chifukwa chake musanalipire dipoziti.

Pomaliza, A ndi B musazibise m'kabati. Bwererani kwa ogulitsa onse awiri, muwauze kuti mudzasankha powonjezera K22,375 pa wati iliyonse ya P0 ndi K4,048 pa wati iliyonse ya Pk, ndipo aliyense abweretse thiransifoma imene akuona kuti ipambana pa masamu amenewo. Nthawi zambiri pamakhala ina yapakatikati imene sanakuonetseni. M'pangano logulira mulembe kuti mayeso akaonetsa mawati opyola lonjezo, wati iliyonse idzachotsedwa pa malipiro omaliza pa mitengo yomweyi, ndipo musunge gawo la ndalama mpaka setifiketiyo ifike m'manja mwanu.