Bajeti ikuti ndalama zilipo koma renti ikutikanika

"Ndine msungichuma wa kabungwe ka alimi a njuchi. Timapeza ndalama ku umembala, zopereka za akufuna kwabwino, giranti imodzi komanso timagulitsa uchi. Bajeti yathu ikuonetsa K12,840,000 chaka chino koma pofika Febuluwale renti ya ofesi yatikanika. Talakwitsa pati?"

Mayi, pepala lomwe mwanditumizira ndaliona, ndipo masamu anu ali bwinobwino, vuto mwathira ndalama zonse mumphika umodzi ngati zonse ndi zanu.

Tiyambe ndi giranti ya K8,000,000 ija poti ndi imene yakunamizani kwambiri. Ndalama imeneyi ili ndi eni ake, anakupatsani kuti mugule ming'oma ndi kuphunzitsa alimi basi, ndipo mgwirizano wanu ukuti yoyendetsera ofesi ndi K800,000 yokha. Ndiye pa mzere wa ndalama zolipirira renti lembani K800,000, inayo ikhale pa tsamba lake, ngati nkotheka ku akaunti yakenso. Komanso giranti nthawi zambiri simabwera yonse kamodzi, gawo lachiwiri amatulutsa akalandira lipoti ndi malisiti a gawo loyamba, lipoti likachedwa mwezi ndalamanso ichedwa. Ine ndinabwerekako ya ming'oma kulipira mlonda ndikuganiza kuti tibweza uchi ukagulidwa, aaa, nthawi ya oditi ndinatuluka thukuta, musayese.

Umembala mwawerengera anthu onse 120 pa K12,000 pachaka. Koma kaundula wanu akuonetsa kuti chaka chatha anamaliza kulipira ndi 70 okha, ndiye lembani K840,000 osati K1,440,000. Enawo akalipira ndi bonasi.

Uchi nawo, mabotolo 400 pa K6,000 ndi K2,400,000 inde, koma botolo lililonse limakudyerani K4,200 mukaphatikiza kugula uchiwo kwa mlimi, botolo lenilenilo, lebulo ndi thiransipoti. Chotsala ndi K1,800, kuchulukitsa ndi 400 ndi K720,000. Inayo ndi mpamba, mukaidya chaka chamawa mulibe chogulitsa. Ndipo otenga pangongole aja musawawerenge mpaka ndalama ifike m'manja.

Zopereka mwaika K1,000,000 chifukwa bwana wina analonjeza pa msonkhano anthu akuomba m'manja. Ine ndimatenga chaka chomwe tinalandira zochepetsetsa pa zaka zitatu zapitazi, kwa inu ndi K300,000.

Mukaphatikiza zinayi zija mupeza K2,660,000. Renti, mlonda, mayunitsi ndi magetsi zikwane mmenemu.

Za Febuluwale zija, jambulani mabokosi 12, mwezi uliwonse lake, nkulemba ndalama pa mwezi womwe imalowadi. Januwale mpaka Malichi anthu ali pa njala, feteleza wawamaliza, palibe amalipira umembala, amayamba kulipira akakolola cha mu Meyi mpaka Julayi. Ndiye ndalama ya Juni musaione kuchuluka, patulani renti ya miyezi itatu ya dzinja ija nthawi yomweyo, kapena kambiranani ndi a landilodi muwalipiriretu.